Mawu a m'mitengero: ndi a yani akawoloka malire?

Pa 29 Malichi 2018, tsiku la Lachinayi Loyera, nyuzipepala ya ku Italiya yotchedwa La Repubblica inasindikiza nkhani imene inagwedeza Akhristu ambiri. Wolemba wake, Eugenio Scalfari, anali atacheza ndi Papa Fransisko, ndipo m'nkhaniyo Papa ankaoneka ngati wanena kuti kulibe gehena, mizimu ya anthu osalapa imangozimirira. Mawuwo anali m'kati mwa mitengero, tizizindikiro tija timatchinga mawu amene munthu wayankhula yekha. Dzuwa lisanalowe, nkhaniyo inali itamasuliridwa m'zilankhulo zambiri, ndipo omasulira ochuluka anasamutsa mawuwo pamodzi ndi mitengero yake.

Tsiku lomwelo ofesi yofalitsa nkhani ku Vatikani inatulutsa chikalata. Inati Papa anakumanadi ndi Scalfari, koma kunali kucheza wamba, osati kuyankha mafunso a mtolankhani. Inatinso zimene zinalembedwazo Scalfari anachita kulukanso yekha, choncho mawu a m'mitengerowo asatengedwe ngati otuluka ndendende pakamwa pa Papa.

Scalfari, amene anayambitsa nyuzipepalayi mu 1976 ndipo pa nthawiyo anali ndi zaka 93, sankabisa kagwiridwe kake ka ntchito. Atasindikiza kucheza kwake koyamba ndi Papa pa 1 Okutobala 2013, anauza atolankhani anzake kuti iye sajambula mawu ndipo salemba kalikonse pamene akucheza ndi munthu. Amamvetsera, akafika kunyumba n'kulemba zimene wakumbukira m'mawu akeake. Mu Novembala chaka chomwecho Vatikani inachotsa nkhaniyo pa tsamba lake la pa intaneti. Mu Julayi 2014 kunatulukanso nkhani ina yotere, ndipo mneneri wa Vatikani, Bambo Federico Lombardi, anaona kanthu kodabwitsa: pa ziganizo zina zimene zinautsa mkangano, mitengero inatsegulidwa koma sinatsekedwe. Owerenga sakanadziwa pamene Papa walekezera ndi pamene wolemba wayambira.

Womasulira wa ku London kapena ku Lilongwe akanatha kumasulira liwu lililonse la Chitaliyana molondola, n'kunamizabe owerenga ake. Chifukwa chake n'chakuti mitengero ndi lonjezo la nyuzipepala kwa owerenga, ndipo lonjezolo silifanana kulikonse.

Lonjezo limodzi, miyambo yosiyana

Kusukulu tinaphunzira kusiyanitsa zoyankhula mwini ndi zoyankhula wina. Tikalemba kuti “Sindikudziwa kanthu,” watero mkuluyo, tikulonjeza kuti mawuwo ndi ake enieni. Tikalemba kuti mkuluyo wati sakudziwa kanthu, tikungolonjeza kuti ganizo ndi lake, mawu ndi athu. Utolankhani wa m'Chingerezi, umene ife a ku Malawi ndi ku Zambia tinatengera, umaumirira kwambiri pa kusiyana kumeneku. Mabungwe otumiza nkhani monga Associated Press ndi Reuters amaletsa atolankhani awo kusintha mawu okhala m'mitengero. Munthu akayankhula mozungulira, mtolankhani achotse mitengero afotokoze yekha.

Kwina mwambo ndi wina. M'nyuzipepala za ku Italiya si zachilendo kuona mutu wa nkhani uli m'mitengero chonsecho ndi chidule chabe cha zimene munthu wanena, chopangidwa ndi mkonzi. Owerenga a kumeneko anazolowera, amadziwa kuti mawu enieni akawapeza m'munsi mwa nkhani. Scalfari anapitirira muyeso ngakhale pa mwambo wa kwawo, koma anayambira pa chizolowezi chimene chinalipo kale.

Ku Jeremani kuli mwambo wina umene ungadabwitse mtolankhani wa kuno. Kucheza kwa mafunso ndi mayankho kukatha, mtolankhani amalemba n'kutumiza kwa wofunsidwayo kuti avomereze asanasindikize. Wofunsidwa amakonza ziganizo, nthawi zina amachotsa kapena kufewetsa zimene ananena. Mu Novembala 2003 nyuzipepala ya taz ya ku Berlin inatopa nazo: inasindikiza kucheza kwake ndi Olaf Scholz, amene panthawiyo anali mlembi wamkulu wa chipani cha SPD, mayankho ake itawapaka inki yakuda, chifukwa chipanicho chinafuna kusintha zambiri. Kutsidya la nyanja, New York Times inaletsa atolankhani ake mu 2012 kupatsa ofunsidwa mphamvu yovomereza mawu awo nkhani isanatuluke.

Ndiye womasulira akatenga kucheza kochokera ku Jeremani, mawu amene ali nawo m'manja ndi amene wofunsidwa anasainira, ndipo sangawakane. Koma mwina si amene anatuluka pakamwa pake tsiku la kuchezalo. Kulemba kuti “zinamupulumuka” kapena “anayankha mokalipa” pa mawu otere n'kupeka, chifukwa munthuyo anakhala nawo pansi n'kuwasalaza.

Tizizindikiro tosocheretsa

Maonekedwe a mitengero nawonso amasiyana, ndipo munthu wothamanga angakhumudwe nawo. Chifalansa chimagwiritsa ntchito timivi tiwiri toloza kunja, « chonchi », ndipo olemba ambiri a Chipwitikizi cha ku Portugal amateronso. Chijeremani chimatsegulira pansi n'kutsekera pamwamba, „chonchi“, ndipo chizindikiro chotsekeracho chimafanana ndi chimene ife timatsegulira. Chikafuna timivi chimatitembenuza kuti tiloze m'kati, »chonchi«. Munthu wozolowera Chifalansa akaona tsamba la Chijeremani mothamanga angatenge mawu a mtolankhani, okhala pakati pa kutseka ndi kutsegula, n'kuwayesa a wofunsidwa.

Msampha wina uli m'Chifalansa. Mawu achidule osonyeza woyankhula, monga “watero ndunayo”, amatha kukhala m'kati mwa mitengero osaitseka. Tikatsanzira kalembedweko m'Chichewa zingaoneke motere: «Tigula chimanga, watero ndunayo, mitengo ikatsika.» Mfalansa sasokonezeka. Kwathu kuno tiyenera kutseka ndi kutsegulanso: “Tigula chimanga,” watero ndunayo, “mitengo ikatsika.” Chingerezi nacho chili ndi kake: munthu akayankhula ndime zingapo zotsatizana, ndime iliyonse imatsegulidwa ndi mitengero koma yomaliza yokha ndiyo imatsekedwa. Womasulira amene wapatsidwa ndime imodzi yapakati angaganize kuti wolemba anaiwala, kapena sangazindikire kuti ndime yotsatirayo akuyankhulabe ndi munthu yemweyo.

Pamene mneni ndiye akunena kuti “si ine”

Vuto lalikulu limabwera pamene mitengero palibe. Zilankhulo zina zimaika chizindikiro m'kati mwa mneni chosonyeza kuti wolemba akungobwereza za wina, ndipo chizindikirocho chimatayika mosavuta pomasulira.

Chijeremani ndiye chitsanzo chabwino. Liwu lotanthauza “ali” kapena “ndi” ndi ist. Koma mtolankhani akamabwereza zonena za munthu amalemba sei. Chifukwa cha kusinthaku, amatha kutchula woyankhula kamodzi kokha n'kupitiriza ziganizo zinayi kapena zisanu osabwerezanso kuti “wati”. Owerenga amadziwa kuti mawu onsewo ndi a munthu uja, popeza aneni onse avala chizindikirocho.

Tiyerekeze kuti nyuzipepala ya Chijeremani yacheza ndi mkulu wa kampani ya madzi m'tauni ina kumene anthu akudandaula. Ndimeyo ili ndi ziganizo zinayi, ndipo choyamba chokha ndicho chikutchula mkuluyo. Womasulira wotsata chiganizo ndi chiganizo atulutsa izi:

Mkulu wa kampaniyo wati madziwo ndi abwino. Akatswiri anawapima sabata yatha. Palibe amene wadwala. Zimene anthu akunena ndi zabodza.

Palibe liwu lolakwika pamenepa, koma nkhani yasanduka. Mchewa akawerenga amva kuti mkuluyo wanena chiganizo choyamba chokha, ndipo zitatu zotsalazo ikunena ndi nyuzipepala. Nyuzipepala yachitira umboni zinthu zimene sinaone, yawatchulanso odandaula aja kuti ndi abodza. Kukonza kwake n'kubwezera woyankhula m'chiganizo chilichonse:

Mkulu wa kampaniyo wati madziwo ndi abwino ndipo akatswiri anawapima sabata yatha. Watinso palibe amene wadwala. Zimene anthu akunena iye wazitcha zabodza.

Onani kuti sitinagwiritse ntchito “akuti”. Chizindikiro cha Chijeremani chija sichikayikira munthu, chimangonena kuti mawuwa ndi a uje. Koma “akuti” wathu, akaima popanda mwini, amanunkha mphekesera. Kulemba kuti “akuti akatswiri anawapima” n'kutsinzinira owerenga kuti musakhulupirire, chinthu chimene mtolankhani wa ku Jeremani sanachite.

Malo a “akuti” ali pa Chifalansa ndi Chipwitikizi. Nyuzipepala za Chifalansa zikamanena nkhani yosatsimikizika zimagwiritsa ntchito mneni amene m'mabuku a sukulu amamasuliridwa ndi “akana-”. Liwu lakuti aurait, mwachitsanzo, wophunzira amalidziwa ngati “akanachita”. Ndiye chiganizo chotanthauza kuti “zikumveka kuti nduna yatula pansi udindo” chimatuluka kuti “nduna ikanatula pansi udindo”, ngati kuti inafuna koma china chake chinailetsa. Ena amangochotsa chizindikirocho n'kulemba kuti nduna yatula pansi udindo, mphekesera n'kusanduka chilengezo. Chipwitikizi cha m'nyuzipepala za ku Portugal ndi ku Mozambiki chimachita zofanana ndi liwu lakuti terá, limene pa lokha limaloza kutsogolo. Terá dito m'nkhani ya nyuzipepala si “adzakhala atanena” ayi, ndi “akuti ananena”. Aliyense womasulira nkhani za ku Tete kapena ku Lichinga kuti zimveke pa wailesi m'Chinyanja amakumana nalo liwuli kawirikawiri.

Chimanga chilipo kapena chinalipo?

Nkhani zambiri zimene zimalowa m'Chichewa zimachokera ku Chingerezi, ndipo Chingerezi chili ndi chizolowezi chobweza nthawi ya mneni m'mbuyo pa zoyankhula wina. Munthu akanena kuti chinthu chilipo, mtolankhani wolemba zoyankhula wina amasintha is kukhala was, ndipo will amasanduka would. Sikuti chinthucho chatha. Mneni wangotsatira “ananena” amene ali patsogolo pake.

Chichewa sichitero. Munthu akati “Ndikudwala,” ife timati anati akudwala. Nthawi ya mneni imakhala momwe mwini anaiikira. Tsono tiyerekeze kuti mkulu wina wa boma wauza mtolankhani kuti chimanga chilipo chokwanira ndipo boma ligula china. Nkhani yalembedwa m'Chingerezi, aneni abwerera m'mbuyo. Womasulira wotsatira maso ake alemba kuti mkuluyo anati chimanga chinalipo chokwanira ndipo boma likanagula china. Womvera kumudzi amva zinthu ziwiri zoopsa: chimanga chinatha, ndipo boma lalephera kugula. Cholondola n'chakuti mkuluyo anati chimanga chilipo chokwanira ndipo boma ligula china.

Njira yopewera izi ndi yosavuta koma imafuna kudekha. Musanamasulire zoyankhula wina, bwezerani kaye chiganizocho pakamwa pa mwini wake: kodi iye ananena kuti chiyani? Mukapeza nthawi ya mneni imene anagwiritsa ntchito, isungeni m'Chichewa. Nthawi zina Chingerezi chimabisa, chifukwa was yemweyo angachokere pa “chilipo” kapena pa “chinalipo”. Zikatero yang'anani ziganizo zoyandikana nazo, kapena funsani wolemba nkhaniyo.

Mawu oloza tsiku ndi malo amafunanso diso. “Mawa” wa m'kucheza kwa Lachiwiri sangakhale “mawa” m'tsamba lotuluka Loweruka. M'mitengero timamusiya momwemo n'kufotokoza kunja kuti kuchezaku kunachitika liti. Pa zoyankhula wina timangolemba kuti Lachitatu. “Kuno” wa munthu woyankhula ali ku Maputo akasiyidwa popanda mitengero, owerenga a ku Dedza ayesa akunena kwawo.

Iwe, inu ndi iwo

Pali zinthu zina zimene Chichewa chimakakamiza womasulira kusankha pamene chilankhulo choyambacho sichinasankhe. Chingerezi chili ndi liwu limodzi la munthu amene ukuyankhula naye, kaya ndi mwana kaya ndi mfumu. Wandale akauza mnzake kudzera m'nyuzipepala kuti wanama, womasulira ayenera kusankha pakati pa “wanama iwe” ndi “mwanama inu”. Woyambayo ndi chipongwe choti chikhoza kuutsa mapiri pachigwa, ndipo chikhala m'mitengero ngati kuti wandaleyo ndiye wachisankha. Ngati palibe umboni wakuti munthuyo anafuna kunyoza, ulemu ndiwo malo otetezeka, kapena kungochotsa mitengero n'kulemba kuti wati mnzakeyo wanama. Chifalansa, Chijeremani ndi Chipwitikizi zimathandizako pamenepa, chifukwa zimasiyanitsa kuyankhula kwa ulemu ndi kwa pachinzake.

Ulemu womwewo umabala vuto lina. Tikalemba kuti “iwo ati sakudziwa za ndalamazo”, kodi ndi bwana yekha amene sakudziwa, kapena bungwe lonse? M'chilankhulo choyamba zinali zoonekeratu: munthuyo anati “ine” kapena anati “ife”. Pa nkhani ya ndalama zosowa kusiyanaku n'kwakukulu, chifukwa wina amadzichotsa yekha pamene wina akuikira kumbuyo ofesi yonse. Mlembi wosamala amawonjezera liwu: “ati iwo paokha sakudziwa”, kapena “ati bungwe lawo silikudziwa”. Chimodzimodzinso anthu awiri akakhala m'chiganizo chimodzi. “Mphunzitsi wamkulu wati wapampando wamuuza kuti atule pansi udindo” ndi chiganizo chomveka. Koma “wamuuza kuti atula pansi udindo” chimasiya funso: atula ndani? Chingerezi mwina chinasiyanitsa ndi mlowam'malo wa mwamuna ndi wa mkazi, pamene “iye” wathu sasankha. Kubwereza dzina kapena udindo wa munthu si kulemba konyansa ngati kukuchotsa chisokonezo.

Mneni wotsogolera mawu nayenso asakule kuposa wa m'nkhani yoyamba. Kumene kunalembedwa kuti “wanena” tisalembe kuti “waulula” kapena “wavomera”, chifukwa mawu awiriwa amatanthauza kuti zimene wanenazo ndi zoona ndipo ankazibisa.

Mawu obwerera kwawo

Vuto lodziwika kwambiri m'zipinda zathu zolembera nkhani ndi la mawu oyenda ulendo wopita ndi wobwerera. Nyuzipepala zikuluzikulu za ku Malawi zimatuluka m'Chingerezi, ndipo Chichewa chimapezeka m'masamba monga Tamvani ndi Tikambe. Anthu ambiri ofunsidwa amayankha m'Chichewa. Mtolankhani amamasulira yekha m'mutu polemba Chingerezi, kenaka mnzake amatenga Chingerezicho n'kuchibwezera m'Chichewa.

Tiyerekeze mlimi wina wauza mtolankhani kuti, “Chaka chino tagwira fuwa la moto, feteleza sitinamuone n'komwe.” M'Chingerezi mwambiwo usungunuka, kutsale ganizo lakuti alimi akumana ndi mavuto chifukwa chosapeza zipangizo. Pobwerera m'Chichewa mutuluka kuti, “Tikukumana ndi mavuto ochuluka kaamba kosowa mwayi wopeza zipangizo za ulimi,” watero mlimiyo. Mlimi akamva chiganizochi sachizindikira. Feteleza wasanduka zipangizo, ukali wazirala, ndipo mitengero ikulumbira kuti ananena choncho.

Owerenga angathe kuzindikira mawu otere. Agogo a kumudzi amayankhula ngati kalata ya ku ofesi. Anthu atatu osiyana m'nkhani imodzi amamveka ngati munthu mmodzi. Palibe mwambi, palibe “eti” kapena “basi”, palibe chiganizo chodukiza. Mankhwala ake ndi awiri okha: kupempha mawu ojambulidwa kapena kope la mtolankhani woyambayo n'kutenga Chichewa chenicheni, kapena, zimenezo zikasowa, kuchotsa mitengero n'kulemba zoyankhula wina. Lamulo lomweli limagwira pa mtsogoleri wolankhula Chipwitikizi amene mawu ake atifika kudzera m'Chingerezi. Ngati Chipwitikizicho chingapezeke, tiyambire pamenepo. Ngati sichingapezeke, owerenga auzidwe kuti mawuwa adutsa m'zilankhulo ziwiri, ndiponso nyuzipepala imene inayamba kuwasindikiza itchulidwe.

Muyeso wake ndi uti?

Wina angafunse kuti, ngati kumasulira kumasintha liwu lililonse, mitengero ingakhale bwanji yoona? Khoti Lalikulu la ku Amereka linakhudza funso loyandikana ndi limeneli mu 1991, pa mlandu umene Jeffrey Masson anasumira magazini ya New Yorker ndi mlembi wake Janet Malcolm, ponena kuti anamuikira m'mitengero mawu amene sananene. Khotilo linati kusintha mawu pakokha sikukwanira kuti wolemba apezeke wolakwa. Chofunika n'chakuti kusinthako kwasintha tanthauzo la zimene munthu ananena kapena ayi. Linakananso ganizo lakuti wolemba ali ndi ufulu woika m'mitengero kamvedwe kake ka zimene munthu ankatanthauza. Chigamulochi ndi cha dziko lina ndipo sichimanga makhoti athu, koma muyeso wake ndi wothandiza pa desiki ya womasulira.

Mitengero pa mawu omasuliridwa imayenera pamene zinthu zitatu zakwanira. Womasulira waona kapena wamva mawu enieni m'chilankhulo chimene munthuyo anayankhula. Akudziwa kuti nyuzipepala yoyambayo imatanthauza mawu enieni ikaika mitengero, osati chidule kapena zokumbukira. Ndipo Chichewa chake chasunga ganizo, nthawi, ulemu ndi mphamvu ya mawuwo, moti mwini wake atamva angati inde, ndinatero. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, “wati” ndi “malinga ndi” alipo, ndipo amanyamula nkhani yonse popanda kuikira munthu mawu m'kamwa.